Mwalemberana mameseji kwa milungu koma simunaonanebe: kapemphedwe koti mnzanu avomere kapena akane momasuka

Vutoli limabwera pamene zinthu zikuoneka kuti zikuyenda bwino. Mumalemberana tsiku ndi tsiku, m'mawa mumafunsana madzukidwe, usiku mumatsanzikana, nthabwala zanu zikugwirizana. Kenako mmodzi amalemba kuti "tidzaonane tsiku lina", winayo n'kuyankha kuti "eya, ndithu", nkhani n'kuthera pomwepo. Pakatha mlungu mawu omwewo amabweranso, yankho lomwelo n'kubweranso. Mwezi ukatha mameseji amayamba kufupika, mayankho amachedwa, ndipo macheza amazilala popanda amene wakana mnzake.

Ambiri zikatere amaganiza kuti sanakondedwe. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri chimene chalakwika ndi kapemphedwe. "Tidzaonane tsiku lina" si pempho loti munthu angaliyankhe, chifukwa mulibe tsiku, mulibe malo, mulibe chochita. Woyankha alibe chogwira. Ndipo amene watopa ndi kudikira akaganiza zolimba mtima, amagwera mbali ina: amalemba ndime yaitali yofotokoza mmene akumvera mumtima, n'kumaliza ndi funso loti "kodi mungafune kukumana nane?" Funso limeneli ndi lolemera kwambiri. Likupempha munthu kuti agamule za inuyo monga munthu, pamene sanakuoneni n'komwe kapena anangokuonani kamodzi. Akavomera zikhala ngati walonjeza zambiri, akakana zikhala ngati wakunyozani. Munthu wopanikizidwa chonchi amasankha njira yachitatu, yomwe ndi kukhala chete.

Choncho pempho labwino limachotsa funso pa inu n'kuliika pa kanthu kakang'ono kodziwika bwino: ola limodzi, malo akuti, tsiku lakuti. Kanthu koteroko munthu angakavomere osaopa kuti wadzimanga, ndipo angakakane osaopa kuti wakuvulazani.

Chifukwa chake kudikira kumawononga

Pali amene amati kuli bwino tidziwane kaye mokwanira pafoni. Zimamveka zanzeru, koma mameseji ali ndi khalidwe lake. Katswiri wa za kulankhulana, Joseph Walther, anafotokoza mu 1996 kuti anthu olemberana osaonana amatha kumva kuti ali pafupi kwambiri kuposa mmene zikanakhalira pamaso ndi pamaso. Wolemba amakhala ndi nthawi yosankha mawu, kufufuta ndi kukonza, ndipo amaonetsa mbali yake yabwino yokha. Wowerenga naye amadzaza mipata ndi zimene mtima wake ukufuna. Sanamve mmene mumasekera, ndiye amadzipangira kaseko kamene kangamusangalatse. Milungu ikamapita, munthu wa m'maganizo uja amakula, ndipo tsiku lokumana munthu weniweni amafika kudzapikisana ndi chithunzi chimene sangachikwanitse.

Kuchedwa kumalemetsanso pempho lenilenilo. Pa mlungu woyamba kapena wachiwiri, kukumana kwa ola limodzi ndi nkhani wamba. Pakatha miyezi itatu mukuuzana zakukhosi usiku uliwonse, kukumana kumasanduka mayeso a zonse zimene mwamanga, ndipo aliyense amachita nako mantha. Paja akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Sindikunena kuti muwerenge masiku pakalendala. Yang'anani mmene macheza akuyendera. Kodi mnzanuyo amayambitsako macheza, kapena nthawi zonse ndinu woyamba? Kodi amakufunsaninso mafunso, kapena amangoyankha anu? Kodi amakumbukira zimene munanena juzi, monga kufunsa kuti "mayeso aja anayenda bwanji"? Kodi amatchula yekha mmene mlungu wake ulili, kuti Loweruka sagwira ntchito kapena Lachinayi amaweruka msanga? Zimenezi zikaoneka, nthawi yakwana. Ngati mayankho ake ndi a liwu limodzi, "chabwino", "eya", "zikomo", ndipo inu mukasiya kulemba naye amangoti zii, ndiye kuti vuto si kapemphedwe, ndipo palibe mawu okoma amene angalikonze.

Zimene meseji yopempha iyenera kukhala nazo

Tiyerekeze ndi anthu awiri. Mnyamata wina anadziwana ndi mtsikana pa maphunziro a tsiku limodzi, anapatsana manambala, ndipo akhala akulemberana kwa milungu iwiri. Amalankhulana mwaulemu, "inu", monga anthu amene sanazolowerane. Lachiwiri madzulo akucheza za mabuku, mtsikanayo n'kunena kuti wakhala akufunafuna buku lina lakale koma sakulipeza.

Mnyamatayo anali atakonza kale meseji iyi:

"Pepani ngati ndikukuvutitsani, mwina mwatanganidwa. Ndakhala ndikufuna kukuuzani kuti ndimasangalala kwambiri tikamacheza, sindinapezepo munthu wondimvetsa ngati inu. Kodi mwina tsiku lina mukakhala ndi mpata tingakumane? Koma ngati simukufuna palibe vuto, ndikudziwa kuti mwina sindine munthu woti mungataye naye nthawi."

Meseji imeneyi yalembedwa ndi mtima woona, koma ikumuika mtsikanayo pamalo ovuta katatu konse. Yayamba ndi kupepesa, ngati kuti chimene chikubweracho ndi cholakwa. Yaika pakati mawu akuti "sindinapezepo munthu ngati inu", amene akusandutsa kukumana kukhala yankho la kufunsira. Yamaliza ndi kudzichepsa, zomwe zikumupatsa mtsikanayo ntchito yomutonthoza. Akafuna kukana ayenera ayambe walemba kuti "ayi, musatero, ndinu munthu wabwino", kenako apeze pokanira. Ndipo ngakhale atafuna kuvomera, tsiku ndi malo palibe, ndiye ntchito yokonza zonse yatsalira iye.

Tsopano onani iyi, yotumizidwa pa nthawi imene nkhani ya mabuku ija ili pakati:

"Pali malo ena ogulitsa mabuku akale amene ndimapitako, mwina buku mukulifunalo lingapezeke. Ndipitako Loweruka cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ngati mungakonde tikhoza kukaonera limodzi kwa ola limodzi. Ngati sizikukuyenererani, ingonenani, palibe chovuta."

Taonani zimene zasintha. Pempho latuluka m'nkhani imene anali kukambirana kale, silinagwe kuchokera kumwamba, choncho silikudzidzimutsa. Lili ndi chochita, kuyang'ana mabuku, chimene chimapatsa anthu awiri amanyazi choti maso awo aonepo ndi choti akambirane. Lili ndi tsiku ndi nthawi, ndipo kuchokera Lachiwiri kufika Loweruka pali masiku anayi. Mpata woterewu, wa masiku atatu mpaka asanu, ndimauona kuti ndi woyenera: "lero madzulo" amapanikiza munthu ndipo amaoneka ngati mwangosowa chochita, pamene "mwezi wamawa" amapereka nthawi yoti nkhawa ikule ndi zina zilowererepo.

Mawu akuti "kwa ola limodzi" ambiri amawaiwala, koma ndi amene amapeputsa pempho kuposa ena onse. Munthu amene akuganiza zokumana ndi mlendo samangodzifunsa kuti "kodi ndimufuna?" Amadzifunsanso kuti "nanga zikapanda kuyenda bwino, ndidzachokapo bwanji?" Mukanena utali wa nthawi, mwamuyankha funso lachiwirili asanalifunse. Zikakoma, ola limodzi limatalika lokha, ndipo palibe amene amadandaula. N'chifukwa chake chakudya chamadzulo chokhala pansi maola atatu, kapena ulendo wa tsiku lonse, sizoyenera pa kukumana koyamba. Kanema nayenso sathandiza, mumakhala maola awiri mumdima osalankhulana.

Mawu akuti "ndipitako Loweruka" nawonso ali ndi ntchito. Akusonyeza kuti mtsikanayo akakana, tsiku la mnyamatayo silinawonongeke. Koma muwanene pokhapokha ngati ndi oona. Mukanamizira kuti munali ndi ulendo kale, bodzalo limaululika msanga, ndipo si chiyambi chabwino. Ngati mulibe ulendo wotero, nenani mwachindunji: "Ndingakonde titakumana Loweruka m'mawa, timwe tiyi kwa ola limodzi."

Malo akhale apoyera, pamene pali anthu ena, masana, ndipo aliyense afike yekha ndi kubwerera yekha. Musapemphe kukumana kunyumba kwanu kapena kwake, ndipo musadzipereke kuti mukamutenga pagalimoto. Mwina inu mukuona kuti ndi ulemu, koma kwa munthu amene sakukudziwani bwino zikutanthauza kuti akuuzeni kumene amakhala ndiponso kuti kuchoka kwake kudalire inu. Ambiri, makamaka akazi, amakana pempho lonse chifukwa cha mfundo imodzi yomweyi, osanena chifukwa chake. Akati akufuna malo ena, kapena akufuna muyambe mwaimbirana foni ya vidiyo kuti akuoneni nkhope, kapena adzauza mnzake kumene ali, vomerani mosanyinyirika. Sakukukayikirani inu panokha, akudzisamalira.

Mpata wokana

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse pang'ono, chifukwa ena amaona ngati kupatsa munthu mpata wokana ndi kudziwombera wekha. Amati ukamuuza kuti akhoza kukana, akanadi.

Wopempha amaganiza za mantha ake okha, oti akanidwa, ndipo saona kuti wopemphedwayo nayenso ali pa moto. Vanessa Bohns wa ku yunivesite ya Cornell pamodzi ndi Lauren DeVincent anafalitsa kafukufuku mu 2019 amene anasonyeza kuti anthu ofunsira amapeputsa kuvuta kumene wofunsiridwa amakumana nako pofuna kukana. Wofunsira amaganiza kuti ngati sakufuna angonena, pamene winayo akulimbana ndi manyazi, chisoni, ndi nkhawa ya zimene zingatsatire, makamaka ngati amagwira ntchito limodzi kapena ali ndi anzawo amodzi. Zotsatira zake ndi zija timazidziwa tonse: "eya" wopanda mtima, amene amadzasanduka "pepani, kwabwera zina" m'mawa wa tsikulo, kapena munthu amene wabweradi koma maso ali pafoni ndi pakhomo. "Eya" wotere sakupindulitsani kanthu. Mukamasula munthu kuti akane, "eya" amene mungalandire mukhoza kumukhulupirira.

Mpatawo ukhale wa chiganizo chimodzi chachifupi, ndipo uikidwe kumapeto. "Ngati sizikukuyenererani, ingonenani, palibe chovuta." Kapena: "Mukhoza kukana momasuka." Basi. Mukawonjezera chachiwiri ndi chachitatu, "musadandaule za ine, ndazolowera, ndikudziwa kuti ndinu wotanganidwa", mpata uja umasanduka madandaulo, ndipo munthu amamva kuti akakana mupwetekeka kwambiri.

Pali mawu ena amene amatseka mpatawo inu osadziwa. Choyamba ndi funso loti "Loweruka mukupanga chiyani?" musananene cholinga. Munthu akayankha moona kuti "palibe", mwamulanda chifukwa chokanira mwaulemu, ndipo ambiri amazindikira msampha umenewu n'kuyamba kuzemba. Nenani cholinga choyamba, iye aone yekha ngati ali ndi nthawi. Chachiwiri ndi kupereka masiku onse: "Loweruka, kapena Lamlungu, kapena tsiku lililonse limene mungafune." Zimaoneka ngati kukoma mtima, koma amene amafuna kukana ponena kuti watanganidwa watsala wopanda pothawira. Tsiku limodzi likukwana, awiri ndiye malire. Chachitatu ndi kulipiriratu: "ndagula kale matikiti awiri." Pamenepo kukana kwasanduka kukuwonongerani ndalama.

Ndingowonjezera pano kuti pempholi mulilembe, musalijambule ndi mawu kapena kuimba foni mwadzidzidzi. Meseji yolembedwa munthu amaiwerenga kawiri, amaganiza, amayankha nthawi imene wakonzeka. Pafoni ayenera kuyankha pompopompo mawu anu ali m'khutu.

Chinthu chimodzi chimene simuyenera kubisa ndi cholinga. Ngati mwadziwana pa malo opezerapo zibwenzi, cholinga n'chodziwika kale. Koma ngati ndi wakuntchito kapena mnzake wa mnzanu, ulendo wa ku mabuku uja akhoza kuutenga ngati kucheza wamba, ndipo adzadabwa akadzazindikira pakati pa njira. Onjezani mawu ochepa: "Ndikufuna tidziwane bwino, awiriwiri." Ndi zokwanira kuti adziwe chimene akuvomera. Ndipo ngati munthuyo ali pansi panu kuntchito, kapena ndinu mphunzitsi wake, kapena pali chimene amadalira kwa inu, palibe kalembedwe kamene kangamumasule kuti akane. Pamenepo musapemphe.

Mwatumiza, ndiye yankho labwera motere

Akati "eya", malizani nkhaniyo m'mameseji awiri kapena atatu: dzina la malo, nthawi, ndi pamene mudzadikirane. Musasefukire ndi chisangalalo mpaka kumuopsa, ndipo musachulukitse mameseji masiku otsalawo, siyani zina zoti mukakambirane pamaso. Madzulo a tsiku loti mawa mukumana, lembani kamodzi: "Mawa 10 koloko zilipobe kumbali yanga. Nanga kwanu?" Amene anavomera mwamanyazi amapeza mpata womaliza wobwerera m'mbuyo, ndipo kuli bwino abwerere Lachisanu usiku kusiyana n'kuti mudikire pamalopo Loweruka.

Akati "Loweruka sindingathe", yang'anani chimene chikutsatira. Munthu wofuna amabweretsa tsiku lina yekha: "koma Lamlungu masana ndili ndi mpata", kapena "mlungu wamawa zingatheke". Ameneyo wavomera, vuto ndi tsiku lokha. Akangoti "sindingathe, ndatanganidwa" osawonjezera kanthu, mwina ndi kukana kwaulemu, mwinanso ndi kutanganidwa kwenikweni, ndipo pa meseji imodzi simungasiyanitse. Musafunse kuti "nanga Lamlungu? nanga Lolemba?" Yankhani kuti: "Chabwino, zikomo pondiuza. Mukadzakhala ndi mpata ndipo mukufuna, mudzandiuze." Mwatero mwaika nkhaniyo m'manja mwake. Macheza akapitirira ndi mphamvu ngati kale, mukhoza kupemphanso kamodzi pakatha mlungu umodzi kapena iwiri, ndi tsiku lina ndi chochita china. Likabweranso yankho lomwelo lopanda tsiku, limenelo ndi "ayi", ndipo mulilandire ngati kuti lanenedwa momveka.

"Ndiona" kapena "ndikuuzani" ndi yankho limene limazunza anthu kwambiri, chifukwa limasiya chiyembekezo. Lipatseni malire mofatsa: "Chabwino. Mukandiuze pofika Lachinayi madzulo kuti ndikonze tsiku langa. Ndikapanda kumva nditenga kuti ulendo uno sizitheka, palibe vuto." Mwamupatsa njira yokanira popanda kulemba liwu loti "ayi", ndipo inunso simukhala mlungu wonse mukuyang'ana foni.

Akawerenga osayankha, dikirani masiku awiri athunthu. Anthu amawerenga meseji ali kuntchito, n'kuganiza kuti ayankha bwino akakhala pansi, kenako n'kuiwala kapena kuchita manyazi kuti achedwa. Musatumize chizindikiro cha funso chokha, musalembe kuti "ndaona kuti mwawerenga", musafufute meseji yanu ngati kuti munalakwa. Masiku awiri akatha, meseji imodzi yopepuka ndi yololeka: "Za Loweruka zija musavutike nazo ngati sizitheka. Buku lija mwalipeza?" Ikapitanso osayankhidwa, lekani. Musamufunefune pa nambala ina, pa tsamba lina, kapena kudzera mwa anzake. Zimenezo zimaopsa munthu, ngakhale inu mutakhala ndi cholinga chabwino.

Akayankha nkhani ina n'kulumpha pempho lanu, mwachitsanzo wayankha za buku koma za Loweruka sanazitchule, dziwani kuti waliona. Kulumpha kumeneko kawirikawiri kumatanthauza kuti sanakonzeke. Mukhoza kufunsa kamodzi mwachindunji pakapita masiku: "Kodi kukumana pamaso ndi chinthu chimene mungafune, kapena mungakonde tizingocheza pafoni? Yankho lililonse ndililandira." Kenako muganize moona ngati kucheza kwa pafoni kokha kukukukwanirani. Ngati sikukukwanirani, nenani mwaulemu ndi kusiya, kusiyana n'kukhala mukulemba tsiku lililonse mukuyembekeza kuti asintha.

Akavomera kenako n'kulephera pa nthawi yomaliza, kamodzi si kanthu, anthu amadwala ndipo ntchito zimabuka. Onaninso ngati wabweretsa yekha tsiku lina. Zikachitika kawiri kapena katatu, siyani kukonza, akonze iye. Pali mtundu wina wa kulephera umene ndi woopsa: munthu amene munadziwana naye pa intaneti, simunamuonepo, nthawi zonse amakhala ndi chifukwa chokanira kukumana, amakananso foni ya vidiyo, koma mawu achikondi amachuluka, ndipo tsiku lina n'kupempha ndalama ya ulendo kapena ya kuchipatala. Imeneyo ndi njira yodziwika ya akuba a pa intaneti. Musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuonepo.

Akakana momveka, "zikomo, koma sindikufuna", yankho lanu likhale lalifupi: "Zikomo ponena zoona. Zabwino zonse." Musafunse chifukwa. Akakuuzani chifukwa mudzafuna kuchitsutsa, ndipo iye adzakakamizika kukananso kachiwiri ndi mawu owawa kuposa oyamba. Munalemba nokha kuti palibe chovuta akakana, ndiye apa ndi pamene mawu amenewo ayenera kuoneka kuti anali oona. Ngati ndi munthu amene mudzakumana nayebe kuntchito kapena pagulu la anzanu, mukadzaonana mupatseni moni monga kale, ndipo nkhaniyo musaiyambitsenso kapena kuikamba kwa ena.